Msonkhano wa madzi uja tiyeni tikapezekeko, ndipo tipite titakonzeka motere

Amayi, abambo, achimwene ndi achemwali nonse a kuno kwathu ku Mangochi, uthenga wa msonkhano wokambirana za madzi uja ndikhulupirira wakupezani, ena mwaumva kwa a mfumu, ena kumzikiti, ena kutchalitchi, ena pa magulupu a watsapu. Tsiku, nthawi ndi malo ake tsatirani zomwe alengeza atsogoleri a m'dera lanu. Ine langa ndi pempho loti tikapezekeko, komanso ndikufuna tigawane mmene munthu angakonzekerere kuti akayimirira kuyankhula zonena zake zikhale zoti wina akhoza kuzilemba n'kukazigwirira ntchito.

Chifukwa vuto la misonkhano ngati imeneyi nthawi zambiri limakhala loti tonse timanena chinthu chimodzi, "madzi sakutuluka", "bilu yakwera", ndipo ndi zoona ndithu palibe akunama, koma amene wabwera kudzayankha nayenso amangoyankha mwachidule kuti tamva tiziona, poti sanapatsidwe pogwira. Koma mukanena kuti m'layini mwathu nyumba 9, madzi amasiya cha m'ma 6 koloko m'mawa n'kubwera cha m'ma 11 usiku, pamene layini ya kumunsi kwathu akutunga tsiku lonse, pamenepo munthu wodziwa za mapaipi wayamba kale kuganiza kuti vuto lingakhale pati. Ndiye zomwe ndalemba apazi cholinga chake ndi chimenecho basi.

Choyamba, yambani lero kulemba nthawi ya madzi

Pezani kope lakale la mwana wa sukulu kapena pepala lililonse, mulipachike pafupi ndi mpopi. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: deti, nthawi yomwe madzi abwera, nthawi yomwe asiya, komanso ngati magetsi analipo kapena ayi. Mukatha onjezani mawu amodzi onena za mphamvu yake, kuti anali amphamvu, apakati kapena ongodontha. Ngati mukufuna muyeso weniweni wa mphamvuyo, tengani ndowa ya malita 20, tsegulani mpopi wonse, muone pa foni kuti yatenga mphindi zingati kuti idzadze. Ndowa yodzadza m'mphindi 2 ndi ndowa yodzadza m'mphindi 15 ndi nkhani ziwiri zosiyana, ngakhale onsewo anganene kuti madzi akutuluka.

Sabata imodzi ndi yabwino, koma olo atatsala masiku atatu msonkhano usanachitike lembanibe, bola chilipo. Ndipo musadzilembere nokha, uzani neba wa kumtunda kwanu ndi wa kumunsi kwanu kuti nawonso azilemba, chifukwa makope atatu akayikidwa pamodzi ndi pamene chithunzi chimaoneka bwino.

Chifukwa chomwe ndikunenera za magetsi ndi ichi. Anthu ambiri timadabwa kuti Shire ali pomwepa, nyanja ili pomwepa, Malombe ali uko, nanga madzi angasowe bwanji pa mpopi. Funsoli ndi lomveka ndipo musachite nalo manyazi. Koma madzi a mumtsinje kapena a m'nyanja sangabwere okha kunyumba, amachita kupopedwa ndi makina kupita nawo kokayeretsa, akasefedwa ndi kuthiridwa kolorini amapopedwanso kukwera nawo m'mathanki, kenako ndi pamene amatsika m'mapaipi kubwera kwathu. Makina onsewo amayendera magetsi. Nde magetsi akazima kwa nthawi yaitali thanki imatha, ndipo magetsi akayaka madzi sabwera nthawi yomweyo, thanki ndi mapaipi ziyambe zadzadza kaye, oyamba kulandira amakhala a kumunsi, a kumtunda ndi a kumapeto kwa layini amalandira pomaliza. Ndiye kope lanu likaonetsa kuti madzi amapita nthawi zonse magetsi akazima, funso lanu ku msonkhano likhale la makina opopera ndi kukula kwa thanki. Likaonetsa kuti magetsi alipo bwinobwino koma inu a kumtunda mulibe madzi masana okha, usiku akubwera, nthawi zambiri imeneyo imakhala nkhani ya mphamvu ya madzi, anthu otunga achuluka kuposa mmene paipi ya m'dera lanulo ingakwanitsire. Likaonetsa kuti layini yanu yokha ndi imene yauma tsiku limodzi mwadzidzidzi pamene ena onse ozungulira ali nawo, ganizirani za paipi yophulika kapena valavu yomwe yatsekedwa penapake. Mavuto atatu amenewa mankhwala ake ndi osiyana, ndalama zake ndi zosiyana, nthawi yokonzera ndi yosiyananso.

Chachiwiri, werengani mita yanu musanakadandaule za bilu

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa nkhani ya bilu ndi imene imatenthetsa mitima pa misonkhano, komanso ndi imene munthu angathe kuifufuza yekha kunyumba osalipira aliyense.

Tsegulani kachivindikiro ka mita. Pa mamita ambiri muona manambala akuda ndi manambala ofiira, kapena timawotchi ting'onoting'ono tofiira. Akudawo ndi mayunitsi omwe amalembedwa pa bilu, pa mita pamalembedwa m³, ndipo yuniti imodzi ndi malita 1,000, kutanthauza ndowa 50 za malita 20. Ofiirawo akuwerenga malita omwe sanakwane yuniti. Jambulani mita ndi foni manambala akuoneka bwino, kenako tengani bilu yanu yomaliza muone nambala yomwe analemba kuti ndi imene anawerenga. Nambala ya pa mita lero iyenera kukhala yoposa ya pa biluyo pang'ono, malinga ndi masiku omwe adutsa. Ngati ya pa bilu ili patsogolo kuposa yomwe ili pa mita lero, ndiye kuti penapake panalakwika powerenga kapena anangoyerekeza osafika pa mita, zomwe zimachitika geti ikakhala yokiya kapena mita itakwiririka ndi dothi, ndipo imeneyo ndi nkhani yoti mukhoza kukaikonzetsa ku ofesi mutanyamula chithunzi ndi bilu.

Manambala akagwirizana, chotsatira ndi kuyesa ngati madzi sakutayika mbali yanu. Usiku anthu onse akamaliza kusamba ndi kutsuka, tsekani mipopi yonse, uzani ana kuti asagejemule toyileti mpaka m'mawa, lembani manambala onse akuda ndi ofiira omwe. M'mawa munthu asanatsegule mpopi kawerengeninso. Chitani zimenezi usiku womwe madzi alipo, chifukwa paipi youma siingakuuzeni kanthu.

Tiyerekeze banja la anthu 6, ndingopereka chitsanzo kuti masamu ake aoneke. Iwo akawerengera kusamba, kuphika, kuchapa ndi toyileti akupeza kuti amagwiritsa ntchito ndowa 12 patsiku, omwe ndi malita 240, pa masiku 30 ndi malita 7,200, mayunitsi 7 ndi kachidutswa. Koma bilu ikubwera ya mayunitsi 12 kapena 13, ndipo bambo a m'nyumbamo atsimikiza mtima kuti mita ikuba. Ayesa usiku uja. Nthawi ya 9 koloko usiku mita ikuonetsa 0348 akuda ndi 120 ofiira, 5 koloko m'mawa ikuonetsa 0348 ndi 180. Malita 60 adutsa m'maola 8 popanda wotsegula mpopi. Pa tsiku lathunthu amenewo ndi malita 180, pa mwezi ndi 5,400, ndowa 270 zongopita pansi. Mukaphatikiza 7,200 ndi 5,400 mupeza 12,600, ndendende mayunitsi a pa bilu aja. Pamenepa mita siinalakwe, madzi akutayikadi, ndipo poti akutayikira kuseri kwa mita, kumbali ya nyumba, wolipira ndi mwini nyumba, wokonzanso ndi mwini nyumba ndi pulambala wake.

Kuti mudziwe pomwe akutayikira, yambani ndi thanki ya toyileti chifukwa ndi imene imakonda kuba mwakachetechete, kalabala ka pansi kakatha madzi amangoyenderera m'mbale usana ndi usiku osamveka. Pukutani mbali ya kumbuyo ya m'kati mwa mbale, ikanipo kapepala kouma, kakanyowa palibe wagejemula mwapeza. Kenako yendani motsatira momwe paipi inadutsa kuchokera pa mita, muone ngati pali malo onyowa nthawi zonse kapena pomwe udzu uli wobiriwira nthawi ya chilimwe, ngakhale kuno dothi lathu malo ambiri ndi lamchenga moti madzi amatha kungolowa pansi osaonekera pamwamba, nde kusaona chinyontho sikutanthauza kuti paipi ili bwino. Ngati muli ndi thanki yosungira madzi pamwamba onaninso ngati siikusefukira usiku.

Koma tiyerekeze kuti banja lomwelo layesa usiku n'kupeza mita siinasunthe olo pang'ono. Apo pali kuyesa kwina. Tsekani zonse, lembani nambala, tungani ndowa 5 zodzadza bwino za malita 20, mita iyenera kuyenda pafupifupi malita 100. Ikayenda 102 kapena 97 musadandaule, ndowa zathu si zoyezera zenizeni. Koma ikayenda 150, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti mita ikayesedwe, ndipo ku msonkhano mukafunse ndondomeko yake kuti munthu amapempha bwanji, pali cholipira kapena ayi, ndipo ikapezeka yolakwa mabilu akale amatani nawo.

Chinanso chomwe ambiri amadandaula ndi mpweya. Madzi akakhala kuti anasiya, m'mapaipi mumadzadza mpweya, ndiye akamabwerera amaukankha ndipo mpopi ukakhala wotsegula umamveka kufwenthera, mita n'kumazungulira madzi asanafike. Zimenezi zimachitikadi. Chothandiza ndi kusasiya mipopi yotsegula podikira madzi, ndipo ngati pali valavu pafupi ndi mita itsekeni madzi akapita, muzitsegula neba akakuuzani kuti afika. Mukaona mita ikuzungulira ndi mpweya jambulani kavidiyo kakafupi, kameneko ndi umboni wabwino kuposa kukangana. A mita yogulira mayunitsi pasadakhale, kuyesa kwa usiku kuja kumagwiranso ntchito, mungoona mayunitsi otsala madzulo ndi m'mawa, ndipo sungani mauthenga a matokeni omwe munagula miyezi itatu yapitayi.

Ndikupempha chinthu chimodzi mwaulemu, mita musaimasule, musadule kawaya kake ka chidindo, olo mutakhala otsimikiza kuti ndi yolakwa. Mukatero mlandu umatembenukira kwa inu ndipo dandaulo lanu lomwe linali loona limafera pomwepo.

Chachitatu, za mtundu wa madzi

Ngati madzi amabwera akuda, tungani m'botolo loyera bwino, lembanipo deti ndi nthawi, mubwere nalo. Koma muyambe mwasiyanitsa. Madzi ooneka oyera ngati mkaka omwe mukawasiya m'tambula kwa mphindi zochepa amayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, umenewo ndi mpweya chabe. Kafungo ka kolorini pang'ono si vuto, ndi chizindikiro choti mankhwala afika mpaka kwanu. Madzi ofiirira kwa mphindi zochepa akangobwerera kumene kawirikawiri ndi matope omwe anakhazikika m'paipi, koma akapitirira maola ambiri, kapena akamanunkha zachimbudzi, imeneyo musadikire nayo msonkhano, kaneneni tsiku lomwelo ndipo musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala.

Chifukwa chake ndi chakuti paipi ikakhala yodzadza madzi amatuluka panja pa malo obooka, koma ikauma malo omwewo amatha kuyamwa madzi oipa a m'ngalande kulowa m'kati. Ichi ndi chifukwa chake kudukizadukiza kwa madzi si nkhani ya kutopa ndi kutunga kokha. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, m'dziko muno inatenga anthu oposa 1,700 ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Mpopi ukauma masiku awiri anthu amatsikira ku Shire kapena kunyanja, komwe kuli likodzo, komwenso kuli ng'ona. Nde ngati mukudziwa malo omwe paipi yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi chimbudzi ndipo ikudontha, lembani malowo bwinobwino ndi chizindikiro choti munthu wachilendo akhoza kupapeza, monga kuseri kwa chigayo chakuti kapena pa kalavati yachiwiri kuchokera pa msewu wa tala.

Amene mulibe mpopi pakhomo, msonkhanowu ndi wanunso

Ndamva ena akunena kuti ife timatunga pa kiyosiki, ife timatunga pa mjigo, za mabilu sizikutikhudza. Chonde bwerani, chifukwa mukapanda kubwera nkhani yonse idzakhala ya anthu a mamita okha. A pa kiyosiki lembani nthawi yomwe amatsegula ndi kutseka, mtengo womwe mukulipira pa ndowa, mphindi zomwe mumakhala pa mzere, komanso masiku omwe inali yotseka ndi chifukwa chomwe munauzidwa. Funso lofunika kukafunsa ndi loti mtengo wovomerezeka wa ndowa ya malita 20 ndi zingati ndipo bwanji osaulemba pakhoma pa kiyosiki iliyonse, ndiponso ngati kiyosiki inatsekedwa chifukwa cha ngongole, ngongoleyo ndi zingati ndipo ndalama zomwe anthu ankalipira zinkasungidwa ndi ndani. Funsani modekha, osaloza munthu chala pagulu, mabuku ndi amene akayankhe.

A pa mjigo werengani mabanja omwe amatunga pamenepo. Muyeso womwe umagwiritsidwa ntchito m'dziko muno ndi anthu pafupifupi 250 pa mjigo umodzi, nde ngati inu mulipo kawiri kapena katatu kuposa apo nenani nambalayo. Nenaninso ngati madzi ake ndi amchere, poti madera ena kuno mijigo imatulutsa madzi oti sopo sachita thovu ndipo anthu amangochapira osamwa, komanso ngati pali chimbudzi chomwe chakumbidwa pafupi osakwana mamita 30. Amene mukufuna kulumikizidwa mpopi watsopano ndipo munalembetsa kale, bwerani ndi lisiti ndi deti lomwe munalipira.

Chachinayi, kumanani m'dera musanapite

Tsiku limodzi kapena awiri msonkhano usanafike khalani pansi anthu a layini imodzi kapena mudzi umodzi, olo kwa theka la ola madzulo. Ikani makope pamodzi, sankhani nkhani ziwiri kapena zitatu zomwe zikukhudza anthu ambiri, musankhenso oyankhula. Ine ndingakonde kuti mwa oyankhulawo musasowe mayi kapena mtsikana amene amatungadi madziwo, chifukwa amene amadzuka 3 koloko usiku kukatchera ndowa ndi amene akudziwa nthawi yeniyeni yomwe madzi amabwera. A mfumu adziwitsidwe zomwe mwagwirizana kuti asakazimvere pagulu.

Nkhani za nyumba imodzi, monga bilu yanu yokha kapena mita yanu yokha, zilembeni papepala lapadera ndi nambala ya akaunti, mukapereke pamanja msonkhano ukatha kapena mukafunse tsiku lopita nazo ku ofesi. Zikalowa pagulu zimadya nthawi ya anthu onse, komanso nambala ya akaunti ndi ngongole yanu si zoti aliyense amve.

Muyeneranso kudziwa kuti funso lililonse lili ndi mwini wake. Madzi a m'mipopi ya m'tauni muno ali m'manja mwa Southern Region Water Board, limodzi mwa mabodi omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, ndiye za mapaipi akuluakulu, mamita, mabilu ndi kulumikiza ndi za iwowo. Za ngalande, misewu, malo omanga ndi ukhondo wa m'misika ndi za khonsolo, ndipo khansala wanu ndi amene amakaziyankhula kumeneko. Mijigo kawirikawiri imayang'aniridwa ndi komiti ya pamjigo mothandizidwa ndi ofesi ya madzi ya paboma, pamene za kolorini wa m'nyumba ndi matenda ndi za alangizi a zaumoyo. Sindikunena kuti onsewa adzakhalapo, koma mukadziwa mwini funso simukhumudwa wina akakuuzani kuti imeneyo si yathu, mumangopempha kuti ilembedwe ndipo wapampando aitumize koyenera. Abale a m'mbali mwa nyanja cha ku Namiasi ndi madera oyandikira, komwe kukukhudzidwa ndi ntchito ya madzi ya ku Nkhudzi Bay, funso lanu labwino ndi loti paipi yaikulu ikadutsa pafupi ndi mudzi, chimafunika ndi chiyani kuti nthambi ilowe m'mudzimo, mabanja angati alembetse, ndipo mtengo wake amawerengera bwanji.

Chachisanu, pa tsikulo

Fikani msanga ndipo lembetsani dzina ndi dera lanu pa pepala la obwera, chifukwa pepala limenelo ndi lomwe limaonetsa kuti dera lakuti linabwera ndi anthu angati. Nyamulani kope lija, bilu yomaliza kapena mauthenga a matokeni, zithunzi za pa foni, botolo ngati lilipo, cholembera, ndi madzi akumwa poti kutentha kwa kuno mukukudziwa.

Mukapatsidwa mpata perekani ulemu kwa a mfumu ndi wapampando mwachidule, tchulani dera lanu, kenako nenani zinthu zitatu: chomwe chikuchitika, umboni wake, ndi chomwe mukupempha. Mwachitsanzo mayi angayime n'kunena kuti, "Zikomo a wapampando, mafumu ndi nonse. Ine ndikuyimira nyumba 9 za layini ya kumtunda kwa msika. Talemba kwa masiku 7, madzi amasiya 6 koloko m'mawa n'kubwera 11 koloko usiku olo magetsi alipo, pamene anzathu a kumunsi ali nawo tsiku lonse, makope ndi awa. Tikupempha kuti wina abwere adzayeze mphamvu ya madzi m'layini mwathu masana, ndipo mutiuze kuti angabwere liti." Zimenezi sizikwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo woyankha sangathe kungoti tamva, ayenera kutchula tsiku kapena kufotokoza chomwe chikuletsa.

Yankhulani m'chiyankhulo chomwe mumamasuka nacho. Agogo amene amamasuka m'Chiyao ayankhule m'Chiyao, omasulira sangasowe kuno. Ndipo woyankha akagwiritsa ntchito mawu a chizungu omwe simunawamve, kwezani dzanja mupemphe kuti abwereze m'Chichewa, mudzakhala mwathandiza anthu ambiri omwe anangokhala chete.

Tiwamvetserenso akamayankha. Akhoza kutiuza zinthu zomwe sitingakonde kumva, monga za anthu olumikiza madzi mwakuba, za kuba mamita ndi mapaipi, za ngongole zomwe sizinalipidwe, za nyumba zomwe zinamangidwa pamwamba pa paipi moti ikaphulika sangathe kukumba. Zina mwa izo ndi za m'madera mwathu momwe ndipo tikuzidziwa. Akatiuza kuti paipi ya dera lakuti ndi yaing'ono ndipo kuisintha kukudikira ndalama, tisakuwize, tifunse kuti podikirapo pali chiyani, kodi sangagawe madzi mwa nthawi yodziwika kuti aliyense azidziwa maola ake, kodi sangamatidziwitse pasadakhale akafuna kutseka. Amene amabwera kudzawerenga mita kapena kudzadula madzi ndi wantchito wotumidwa, mitengo sakhazikitsa ndi iye, tisamuchititse manyazi pagulu. Komanso zipani tizisiye kunyumba tsiku limenelo, paipi imodzi yomweyo ikudutsa pa makomo a anthu a zipani zonse, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe.

Chachisanu ndi chimodzi, musabalalike musanamve izi

Msonkhano ukamatha anthu amakhala atatopa ndipo ambiri amayamba kutuluka, koma mphindi 10 zomalizazo ndi zomwe zimafunika kwambiri. Pemphani kuti mlembi awerenge mokweza zomwe mwagwirizana, ndipo pa mfundo iliyonse pamveke kuti achite ndi ndani, achita chiyani, pofika liti. Mfundo yoti "tiona za mphamvu ya madzi" siikwanira, ikhale yoti wakuti wa udindo wakuti abwera kudzayeza m'dera lakuti pasanathe masabata awiri. Funsani nambala ya foni yovomerezeka yonenera paipi ikaphulika, komanso ngati munthu akanena vuto amapatsidwa nambala ya dandaulo yoti azilondolera. Sankhani anthu atatu kapena anayi ochokera m'madera osiyana oti azitsatira zimenezi, pakhale amayi, ndipo tsiku lodzakumananso ligwirizanidwe pomwepo anthu asanatuluke. Wina ajambule pepala la mfundozo ndi foni, kope lina lipite kwa a mfumu, lina kwa khansala.

Mukabwerera kunyumba musasiye kulemba m'kope muja. Akabwera kudzakonza kanthu, ndi kope lomwelo lomwe lidzaonetse ngati maola a madzi awonjezekadi kapena ayi, ndipo pa msonkhano wotsatira mudzatha kunena kuti kale tinkalandira maola 7 usiku okha, pano tikulandira 12, kapena kuti palibe chasintha.

Amene simungathe kubwera chifukwa cha ntchito, geni ya pamsika, kunyanja kapena matenda, perekani kope lanu ndi funso lanu lolembedwa kwa neba amene akupita, mulembepo dera lanu. A malendi musaganize kuti ndi za alandilodi okha, bilu ya mpopi wa pa puloti mumasonkherana ndinu, bwerani ndipo ngati n'kotheka bwerani nawo limodzi eni nyumbawo. Achinyamata a kabaza ndi a njinga zamoto, ngati m'dera lanu muli agogo kapena munthu wolumala amene akufuna kupita koma ulendo ukumuvuta, gwirizanani ndi a mfumu mmene mungamufikitsire, ndipo amayi a ana aang'ono mukhoza kusinthana, awiri atsale ndi ana a layini yonse kuti ena onse apite.